Wakupezani Wopanda Tikiti M'sitima ya ku England: Chindapusa cha £100 ndi Njira ya Apilo

Kwathu munthu amayamba wakwera, wakhala, minibasi yanyamuka, kenako kondakitala amatambasula dzanja kuti a kumbuyo tipatseni. Palibe amene amakuonani ngati wakuba chifukwa choti simunalipire musanakwere. Chizolowezi chimenechi timapita nacho kunja osadziwa kuti tanyamula, ndipo pa sitima za ku England chimatha kudya malipiro a tsiku lathunthu. Kumeneko lamulo ndi lakuti ngati pa siteshoni imene mwakwerera panali pogulira tikiti, muyenera kukhala nayo m'manja phazi lisanaponde m'sitima. Kuuza woyendera matikiti kuti "ndalama ndili nayo, ndimati ndigule momwe muno" sikukupulumutsani, ngakhale muzinena zoona zokhazokha.

Ndikulemba za masitima a National Rail m'chigawo cha England chokha. Ku Wales ndi ku Scotland zinthu zimayenda mosiyana, ndipo mabasi ndi sitima za pansi pa nthaka za mu London zili ndi dongosolo lawolawo pansi pa Transport for London, ngakhale kuti nakonso chindapusa chake ndi £100 yotsika kufika pa £50 mukalipira msanga.

Chindapusa cha pa sitimachi chimachokera m'malamulo otchedwa Railways (Penalty Fares) Regulations 2018. Kale chinali £20, kapena mtengo wa tikiti kuwirikiza kawiri ngati umenewo unali wokwererapo. Kuyambira pa 23 Januwale 2023 chinakwera kufika pa £100, kuwonjezerapo mtengo wathunthu wa tikiti yopita kokha ya ulendowo. Mukalipira pasanathe masiku 21, £100 ija imatsika kukhala £50, koma mtengo wa tikiti sutsika. Pepala limene amakupatsani limalembedwa pamwamba kuti Penalty Fare Notice, ndipo dzina limeneli muligwiritsitse, chifukwa nkhani yonse yagona pa kudziwa pepala limene mwapatsidwa.

Chifukwa chake n'chakuti chindapusa chimenechi si chilango cha khoti. Ndi ngongole imene muli nayo kwa kampani ya sitima, yokwera mtengo dala kuti anthu asazolowere kukwera ulele. Mukalipira, nkhani yatha, dzina lanu silipita m'kaundula wa anthu opezeka olakwa. Kwa munthu amene ali m'dzikomo ndi viza, kaya ndi namwino, wosamalira okalamba kapena wophunzira, kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa ndalamazo. Mafomu a viza ndi a unzika amafunsa ngati khoti linakupezanipo wolakwa. Chindapusa cholipiridwa pa nthawi yake si chigamulo cha khoti. Koma nkhani yomweyo ya tikiti ikalowa njira ina, imakathera kwa majisitireti, ndipo pamenepo funso la pa fomu lija limakhala ndi yankho lina.

Mawu akuti "wopanda tikiti" amasocheretsa ambiri, chifukwa ena mwa amene amalipitsidwa amakhala atagula ndithu tikiti, koma yosayenera ulendo umene ali. Tikiti yotchipa ya mtundu wa Advance imagwira ntchito pa sitima imodzi yokha imene yalembedwapo. Mukakwera yonyamuka patsogolo pake chifukwa mwafika msanga, muli ngati munthu amene alibe kalikonse. Mukapitirira siteshoni imene tikiti yanu ikuthera, kapena mukakhala m'kalasi yoyamba ndi tikiti wamba, n'chimodzimodzi. Mwana wosakwana zaka 5 amakwera ulele, wa zaka 5 mpaka 15 amalipira theka, koma akangokwanitsa zaka 16 tikiti ya ana siimuyeneranso ngakhale akhale wa thupi lochepa. Tikiti ya pa foni imawerengedwa pokhapokha ngati mungathe kuionetsa. Batire ikatha, lamulo limakuonani ngati mulibe tikiti. Ndipo kugula pa foni sitima itanyamuka kale, mutaona woyendera akubwera, sikuthandiza: nthawi imene mwagula imaoneka pa kachipangizo kake akangosikana tikitiyo.

Pali msampha umodzi umene umagwira achinyamata athu ambiri. Khadi la kuchotsera la 16-25 Railcard limachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo, koma pakati pa sabata, m'mawa isanakwane 10 koloko, kuchotserako kumagwira pa matikiti a mtengo wosachepera £12, kupatula pa matikiti a Advance, m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti komanso pa masiku a tchuthi cha boma. Wophunzira amagula pa foni tikiti yochotsera ya mapaundi anayi, n'kukwera nayo 9 koloko, akudziona kuti ali bwinobwino. Kusiyana kwa mtengo ndi pafupifupi mapaundi awiri okha, koma tikitiyo siigwira ntchito pa ola limenelo. Winanso khadi lake linatha mwezi watha, koma apu yogulira matikiti ikadali kuchotsera yokha monga mwa nthawi zonse chifukwa anaitchera choncho kalekale. Apu siimufunsa, woyendera ndi amene adzafunse.

Si cholakwika chilichonse chimene chimayenera chindapusa. Ngati muli ndi tikiti ya Off-Peak, yotchipa ya nthawi ya anthu ochepa, koma mwakwera pa nthawi ya anthu ambiri, malamulo a ulendo a National Rail amanena kuti mulipire kusiyana kwa mtengo wa tikiti yanu ndi wa imene ikanayenera. Limeneli ndi limodzi mwa malo amene munthu wodziwa amapulumukira pamene wosadziwa amangolipira.

Tsopano za oyenderawo. Si aliyense wovala yunifolomu amene angakulembereni chindapusa. Ayenera kukhala munthu amene kampani inamupatsa mphamvu imeneyo, ndipo amakhala ndi chiphaso chosonyeza zimenezi, chimene ayenera kukuonetsani mukamupempha. Amagwira ntchito m'sitima momwemo kapena pa mageti otulukira, nthawi zina ali gulu, atatseka njira zonse za pa siteshoni yaing'ono imene masiku ena simukhala munthu. Ambiri amavala kamera pachifuwa. Akakupezani ndi vuto, amafunsa kumene mwakwerera, kumene mukupita, ndi chifukwa chimene mulibe tikiti yoyenera. Kenako amafuna dzina ndi adiresi, ndipo amatsimikiza pomwepo pa makina awo kapena pa foni ngati munthu wa dzina limenelo amakhaladi pamenepo.

Apa m'pamene mantha amawonongetsa zinthu. Munthu amaganiza za viza yake, mtima n'kugunda, n'kutchula dzina la msuweni kapena adiresi ya nyumba imene anasamukamo chaka chatha. Chonde musatero. Kukana kupereka dzina ndi adiresi, kapena kupereka zabodza, ndi mlandu paokha. Vuto limene likanatha ndi £50 limasanduka nkhani ya chinyengo. Bodza lina lofala ndi lotchula siteshoni yapafupi m'malo mwa imene mwakwereradi, kuti mtengo uchepe. Oyendera amalidziwa bwino bodza limeneli, ndipo pa masiku ena amaika anzawo pa siteshoni yapafupiyo kuti adziwe amene wakwereradi pamenepo.

Woyendera ali ndi njira zingapo, ndipo ndi iye amene amasankha, osati inu. Akhoza kungokugulitsani tikiti. Akhoza kulemba chindapusa chija. Makampani ena, ngati mulibe ndalama pomwepo, amalemba pepala lina lotchedwa Unpaid Fare Notice, limene ndi bilu ya mtengo wa ulendo yoti mulipire pofika tsiku lolembedwapo. Njira yomaliza ndi yolemera: ngati akuganiza kuti munachitira dala, kapena akuona kuti si koyamba, salemba chindapusa konse. Amakuchenjezani ndi mawu aja amene apolisi amanena, akuti simukukakamizidwa kuyankhula koma zimene munene zikhoza kukhala umboni, amalemba mafunso ndi mayankho anu, n'kukuuzani kuti mudzalandira kalata. Anthu ambiri amachoka pamenepo akusangalala kuti sanalipitsidwe kanthu. Zoona zake n'zakuti amene wapatsidwa chindapusa ndiye ali pabwino. Amene wauzidwa kuti adikire kalata nkhani yake yapita ku ofesi yoona zozenga milandu, ndipo njira ya apilo imene ndifotokoze m'munsimu siimukhudza.

Malamulo amene amazengera ndi awiri. Loyamba ndi Regulation of Railways Act 1889, gawo 5(3), lokhudza munthu amene wayenda ndi cholinga chozemba kulipira. Chilango chake chimafika £1,000, ndipo lamulo limalolanso ndende ya miyezi itatu. Lachiwiri ndi lamulo laling'ono la pa njanji, nambala 18 mwa Railway Byelaws, ndipo ili ndi limene anthu sakhulupirira akalimva koyamba: silifuna umboni woti munali ndi cholinga choipa. Kungokwera wopanda tikiti yoyenera, pamene pogulira panalipo, n'kokwanira kuti mupezeke wolakwa. Ine ndimaona kuti lamulo limeneli ndi louma kwambiri kwa munthu amene wangolakwitsa, koma ndi mmene lilili, ndipo n'chifukwa chake chindapusa cha £100, ngakhale chimapweteka, chili ngati khomo lotulukira.

Tiyeni titsate nkhani imodzi kuyambira pachiyambi. Ndi chitsanzo chongoyerekeza, mitengo yakenso ndi yongoyerekeza, koma masitepe ake ndi enieni. Mayi wina wogwira ntchito yosamalira okalamba akuyamba shifiti 7 koloko m'mawa. Amakwerera pa siteshoni yaing'ono yopanda ofesi ya matikiti, pali makina amodzi okha. Lachiwiri pa 3 Malichi wafika 6 koloko, wapeza makinawo azima, sikirini yakuda bii. Sitima yafika, wakwera. Asanaone kondakitala, woyendera wamupeza. Mayiyo wafotokoza za makina, koma woyenderayo akuti iye sanalandire uthenga woti makina a pa siteshoni imeneyo awonongeka, ndipo walemba chindapusa. Tikiti yopita kokha ndi £6.40. Pa pepala palembedwa £106.40, yotsika kukhala £56.40 akalipira m'masiku 21. Masikuwo amayamba kuwerengedwa tsiku lotsatira, pa 4 Malichi, choncho lomaliza ndi 24 Malichi. Tsiku lomweli ndi malire a kuchita apilo.

Kodi mayiyu ali ndi poyambira? Ali napo, ndipo ndi polimba. Malamulo a 2018 aja amatchula nthawi zimene munthu sayenera kulipitsidwa chindapusa ngakhale alibe tikiti. Yoyamba ndi pamene pa siteshoni imene wakwerera panalibe pogulira tikiti pogwira ntchito pa nthawiyo. Ina ndi pamene zikwangwani zochenjeza za chindapusa, zija zachikasu, sizinaikidwe monga lamulo limafunira. Inanso ndi pamene wogwira ntchito pa njanji, kapena chidziwitso chopachikidwa, chamuuza kuti akhoza kukwera n'kukagula kutsogolo. Mayi wathuyu akugwera pa yoyamba ija.

Koma chitetezo chimenechi chili ndi malire ake. Ngati ulendo wake unali wosintha sitima, ndipo pa siteshoni yosinthira panali pogulira ndi nthawi yokwanira, anayenera kugula pamenepo. Ngati pa siteshoni yake panali makina awiri, amodzi okha n'kukhala owonongeka, alibe chonena. Mzere wautali pa makina, sitima n'kumafika, kawirikawiri sumveka ngati chifukwa. Ndipo m'madera ena makina olandira makhadi okha amatulutsa kapepala kaulere kotchedwa Promise to Pay, ka munthu amene akufuna kulipira ndi ndalama ya m'manja. Kumene kapepalako kalipo, amayembekezera kuti mukatenge musanakwere n'kukalipira kwa kondakitala.

Chinthu chimene mayiyu akanachita pa pulatifomu, m'masekondi khumi, ndi kujambula makina akufawo ndi foni. Chithunzi chimasunga tsiku ndi ola. Pa masiteshoni ambiri palinso batani loyankhulira ndi ogwira ntchito, ndipo kuwauza za makina owonongeka kumasiya mbiri. Komabe, ngakhale alibe chithunzi, lamulo lili ndi mfundo imene ambiri saidziwa ndipo ndimafuna aliyense aidziwe. Munthu akanena pa apilo za kumene anakwerera, kapena kuti pogulira sipankagwira ntchito, udindo wosonyeza kuti akunama uli pa kampani ya sitima. Makina amenewa amasunga mbiri ya tikiti iliyonse imene agulitsa ndi nthawi imene anazima. Ngati analidi akufa 6 koloko, mbiriyo imuikira kumbuyo. Ngati anagulitsa matikiti asanu pa mphindi zomwezo, mbiriyo imutsutsa. N'chifukwa chake mfundo imeneyi ndi yothandiza kwa wonena zoona yekha.

Apilo siipita kwa woyendera uja kapena kwa bwana wake. Imapita ku bungwe lapadera loona za maapilo, ndipo dzina lake, adiresi ndi tsamba lake la pa intaneti zimalembedwa pa pepala lomwelo. Tumizani kumene pepala lanu likunena, chifukwa makampani sagwiritsa ntchito bungwe limodzi. Kudandaula ku ofesi yothandiza makasitomala ya kampani si apilo, ndipo masiku 21 amapitirira kutha pamene mukudikira yankho lawo. Zifukwa zimene apilo ingavomerezedwe nazo ndi zowerengeka: chindapusa sichinalembedwe motsatira malamulo, inu si munthu amene anayenera kulipitsidwa, monga pamene wina anatchula dzina lanu, muli ndi tikiti ya nyengo yaitali, ya sabata, mwezi kapena chaka, koma tsikulo simunainyamule, kapena pali zifukwa zamphamvu zoti pa nkhani yanuyo musalipitsidwe.

Apa m'pamene chikhalidwe chathu chabwino chimatipweteka. Ife tikalakwira wamkulu timapepesa, timadzichepetsa, timafotokoza za ana ndi za lendi, ndipo kwathu zimenezi zimafewetsa mtima wa munthu. Wowerenga apilo sakuyeza ulemu wanu. Ali ndi mndandanda wa zifukwa zija, ndipo akufufuza ngati kalata yanu ikulowa pa chimodzi mwa izo. Kalata ya masamba awiri yopepesa, yonena kuti simunachitepo zimenezi chibadwire, ikhoza kukanidwa ndi ziganizo zitatu. Choipa kwambiri n'chakuti popepesa munthu amavomera zimene sanalakwe.

Kalata ya mayi uja iyenera kukhala yaifupi. Ayambe ndi nambala ya pepala la chindapusa, tsiku, ndi sitima imene anakwera. Anene kuti anafika pa siteshoni yakutiyakuti nthawi ya 6 koloko, kuti siteshoniyo ilibe ofesi ya matikiti, kuti makina okhawo amene alipo anali ozima, ndipo kuti sanasinthe sitima paliponse asanakumane ndi woyendera. Atchule kuti malamulo a 2018 salola chindapusa pamene pogulira panalibe, apemphe kuti aone mbiri ya makinawo ya ola limenelo, aphatikize chithunzi ngati ali nacho, ndipo anene kuti mtengo wa tikiti wa £6.40 ndi wokonzeka kulipira. Basi. Asunge kope la zonse ndi umboni wa tsiku limene watumiza.

Asanatumize, ayang'anitsitsenso pepala lenilenilo. Kodi siteshoni yokwerera yalembedwa yolondola? Kodi mtengo wa tikiti umene awonjezera pa £100 ndi woyenera tsikulo, ola limenelo ndi msinkhu wake? Lamulo limati mtengowo uziwerengedwa potengera zimenezi, choncho ngati munthu anayenda masana pa nthawi ya matikiti otsika koma amulembera mtengo wa m'mawa, ndiye kuti chindapusacho sichinalembedwe motsatira malamulo, ndipo chimenecho pachokha ndi chifukwa cha apilo.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti: ndikachita apilo, kodi sinditaya mwayi wa £50 uja? Ayi. Apilo ikatumizidwa pa nthawi yake, wotchi ya masiku 21 olipira motsika imaima mpaka apiloyo itagamulidwa. Mayi uja akatumiza pa 8 Malichi, ndiye kuti wadya masiku ochepa chabe, ndipo otsalawo amamudikira. Kalata ya chigamulo imanena tsiku latsopano lomaliza kulipira, ndipo tsiku limenelo ndi loti alitsatire, osati kuwerengera kwake kwa m'mutu. Akhozanso kulipiriratu £56.40 n'kuchitabe apilo. Kulipira si kuvomera kulakwa, ndipo akapambana amamubwezera ndalama ya chindapusayo. Ine ndikanakhala ndi ndalamayo m'thumba ndikanalipira kaye, chifukwa munthu wogwira mashifiti ausiku amaiwala masiku mosavuta.

Apilo ili ndi masitepe atatu. Bungwe loyamba liyenera kuyankha m'masiku 21, ndipo likachedwa kupitirira pamenepo chindapusa chimagwa, mumangotsala ndi mtengo wa tikiti. Likakana, muli ndi masiku 14 opititsa nkhani pa sitepe yachiwiri, pamene munthu wina amene sanaikhudze poyamba amaionanso. Akakananso, muli ndi masiku ena 14 opita pa sitepe yachitatu, ku gulu loima palokha losagwira ntchito pansi pa makampani a sitima, ndipo chigamulo chake ndi chomaliza. Anthu ambiri amagwa mphwayi akakanidwa koyamba, makamaka akaona kuti yankho lake likuoneka ngati lokopera, losakhudza n'komwe mfundo imene analemba. Ngati mfundo yanu ndi ya lamulo, ngati ya mayi uja, pitirizani. Pa sitepe yachiwiri musangotumizanso kalata yomweyo. Sonyezani pamene yankho loyamba linalumpha. Mayiyo alembe kuti ananena za makina ozima, kuti yankho silinapereke umboni uliwonse woti makinawo ankagwira ntchito, ndipo kuti lamulo limaika udindo umenewo pa kampani.

Nanga mnyamata wa khadi lotha ntchito uja? Ndinene mosabisa: apilo yake ndi yofooka. Pogulira panalipo, zikwangwani zinalipo, ndipo kuona tsiku limene khadi likuthera unali udindo wake. Kusadziwa lamulo sikuli pa mndandanda wa zifukwa. Palibe chimene amataya poyesa, poti wotchi imaima, koma akakanidwa alipire £50 ija isanakwere. Zimasiyana ndi munthu amene khadi lake ndi lamoyo koma analiiwala kunyumba. Ameneyu makampani ali ndi dongosolo lomukhululukira kamodzi pa miyezi 12, akatumiza umboni woti khadilo linali logwira ntchito pa tsiku la ulendo.

Mnyamata wa khadi lotha uja alinso ndi vuto lina limene mwina sakuliona. Ngati wakhala akugula matikiti ochotsera kwa mwezi wonse khadi litatha, mbiri yonse ili mu akaunti yake ya pa apu, ndipo makampani a sitima amatha kuipempha kwa ogulitsa matikiti pofufuza. Zikatero sipakhalanso chindapusa cha ulendo umodzi. Imabwera kalata yofunsa za maulendo onse. Kalata yotere imafuna yankho loona, laulemu ndi lofika pa nthawi yake. Makampani ambiri amalola kuthetsa nkhani kunja kwa khoti, munthu n'kulipira mitengo ya maulendo onse ndi ndalama ya ntchito yofufuzayo, koma sakakamizidwa kutero. Ndi chifundo chawo, ndipo apa ndiye pamene kupepesa kochokera pansi pa mtima kumagwira ntchito. Ngati viza kapena chiphaso chanu cha ntchito chili pachiswe, funsani loya kapena a Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwaulere, musanayankhe.

Makampani nawonso salondola nthawi zonse. Mu Ogasiti 2024 mkulu wa majisitireti ku England ndi Wales, Paul Goldspring, anagamula kuti milandu yozemba kulipira imene makampani ena anazenga pansi pa lamulo la 1889 kudzera m'njira yachidule ya Single Justice Procedure inali yosavomerezeka, chifukwa njirayo sinkaloledwa pa milandu imeneyo. Zigamulo masauzande ambiri zinafafanizidwa. Ena mwa anthu amenewo anali atalipira kale. Ndikutchula zimenezi kuti muone kuti kuwerenga pepala mosamala ndi kufunsa ngati malamulo atsatidwa si mwano.

Chimene chimasandutsa nkhani yaing'ono kukhala yaikulu, kuposa china chilichonse, ndi kalata yosatsegulidwa. Chindapusa chikapanda kulipiridwa ndipo apilo palibe, kampani ikhoza kuchitsata ngati ngongole, kapena kuchifafaniza n'kutengera nkhaniyo ku khoti ngati mlandu. Anthu athu amasamuka kawirikawiri, chipinda chino miyezi isanu ndi umodzi, china chaka, ndipo makalata amapita ku adiresi imene munapatsa woyendera tsiku lija. Njira yachidule ija imalola majisitireti mmodzi kugamula mlandu pongowerenga mapepala, inu mulibe. Chidziwitso chake chimakupatsani masiku 21 oti muyankhe, ndipo mukapanda kuyankha mlandu umapitirira. Munthu amadzadziwa patapita miyezi, ndalama zitayamba kudulidwa pa malipiro ake kapena otolera ngongole atagogoda pakhomo. Choncho mukasamuka nkhani ya tikiti isanathe, lemberani kampaniyo ndi bungwe la apilo adiresi yatsopano, mutchule nambala ya pepala lanu.

Ngati zachitika kale, mwapezeka wolakwa pa mlandu umene simunaudziwe n'komwe, pali khomo limodzi lotsala. Mukhoza kukalumbira pamaso pa khoti la majisitireti kuti simunadziwe za mlanduwo, ndipo kawirikawiri muyenera kutero m'masiku 21 kuchokera tsiku limene mwaudziwa. Lumbirolo likalandiridwa, chigamulo chija chimachotsedwa ndipo mlandu umayambiranso, zimene zimakupatsani mpata wolankhula ndi kampaniyo kuti mwina muthetse nkhaniyo musanaimenso pamaso pa majisitireti. Lembani penapake tsiku limene munamva koyamba, musunge envelopu kapena uthenga umene unakudziwitsani, chifukwa khoti lidzafunsa za tsiku limenelo.